Musanalipire laputopu ya kaunjika, iyambe yayankha yokha

Malaputopu ambiri amene amagulitsidwa m'timashopu ta ku Limbe, mu Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, komanso amene amatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp, anayamba agwira ntchito zaka zingapo m'maofesi a kunja. Kampani ikafuna makina atsopano, akalewo imawagulitsa ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo ena amafika kuno kudzera ku Britain, ku Dubai kapena ku Joni. N'chifukwa chake mayina amene timakumana nawo kawirikawiri ndi omweomwewo: HP EliteBook, Dell Latitude, Lenovo ThinkPad. Amenewa ndi makina olimba, opangidwira ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndingalimbikitse mwana wa sukulu kugula imodzi mwa amenewa m'malo mogula yatsopano yotchipa yapulasitiki. Koma malaputopu awiri a dzina limodzi, ooneka mofanana ndendende, akhoza kusiyana kutalitali m'kati, ndipo maso sangakuuzeni.

Wogulitsa adzakuuzani kuti, "Iyi ndi yabwinobwino bwana, yangotsika kumene, batire limakhala maola asanu." Mwina sakunama dala, chifukwa ambiri mwa iwo sanaiyesepo mokwanira. Chabwino n'chakuti laputopu imasunga yokha mbiri ya thanzi lake, ndipo aliyense wodziwa poyang'ana akhoza kuiwerenga mbiriyo pa ola limodzi. Ola limenelo lipempheni musananyamuke kunyumba. Uzani wogulitsayo pa foni kuti mukufuna kuiyesa pamalo pamene pali soketi ndi pokhala, ndiponso kuti aitchajiretu idzaze. Inuyo tengani fulashi, mahedifoni, ndi foni ya bandulo yoti muthe kulumikiza laputopuyo pa intaneti. Wogulitsa wokana zimenezi, kapena wofuna kuti mukumane m'mbali mwa msewu chifukwa akuti ali pachangu, ndi bwino kumusiya.

Tiyerekeze kuti mtsikana wasankhidwa kupita ku yunivesite, ndipo amalume ake apita naye kukaona HP EliteBook 840 imene yatsatsidwa kuti ndi Core i5, ya memore ya 8 GB ndi disiki ya 256 GB. Tiyende nawo.

Chinthu choyamba chiyenera kuchitika Windows isanatseguke n'komwe. Aizimitse laputopuyo kotheratu, aiyatsenso, ndipo ikangoyaka adinize batani la `F10` mobwerezabwereza. Pa Dell ndi `F2`, pa ThinkPad ndi `F1`. Zimenezi zimatsegula BIOS, malo amene makina amasunga zofunika kwambiri za iwo eni. Ngati patuluka kabokosi kofunsa pasiwedi, afunse wogulitsa aike pasiwediyo ndi kuichotsa iwo akuona. Ngati wogulitsayo saidziwa, malonda athere pompo. Anthu ambiri amaipeputsa nkhani imeneyi poona kuti Windows ikutsegukabe bwinobwino, koma tsiku limene adzafune kuikamo Windows ina kuchokera pa fulashi, kapena kusintha zina ndi zina m'makinamo, adzapeza chitseko chili chokhoma. Pa makompyuta akale, amisiri ankangochotsa kabatire kakang'ono ka m'kati pasiwedi n'kufufutika. Pa malaputopu a m'maofesi a zaka zino njira imeneyo sigwira, chifukwa pasiwediyo imasungidwa mu kachipangizo kamene sikaiwala ngakhale moto utachoka. Kuichotsa kumafuna mmisiri wa zida zapadera, ndipo nthawi zina kumathera pa kusintha bolodi lonse lalikulu, limene mtengo wake umayandikira wa laputopu ina.

BIOS ikatseguka popanda vuto, asafulumire kutulukamo. Pa tsamba loyamba, kapena pamene palembedwa `System Information`, pali nambala ya makinawo, `Serial Number`. Aitembenuze laputopuyo n'kuyerekeza nambalayo ndi imene yalembedwa kunsi. Zikasiyana, ndiye kuti bolodi kapena chivundikiro chinachokera ku laputopu ina. Si nthawi zonse pamene zimenezi zimatanthauza chinyengo, koma wogulitsa afotokoze momveka. Pa tsamba lomwelo palinso dzina lenileni la purosesa ndi kuchuluka kwa memore. Ndimakonda kuwerenga zimenezi mu BIOS chifukwa dzina la purosesa limene Windows imaonetsa likhoza kusinthidwa ndi munthu wochenjera, ndipo kasitika ka Core i7 komata pafupi ndi kiyibodi aliyense akhoza kukamata.

Pa purosesa ndi pamene anthu ambiri amaluzira ndalama. Mawu akuti Core i5 kapena Core i7 paokha sakwanira. Chofunika ndi nambala yotsatira, imene imanena m'badwo wa purosesayo. Pa `i5-6300U`, nambala 6 ikusonyeza m'badwo wachisanu ndi chimodzi. Pa `i5-8350U` ndi wachisanu ndi chitatu. Pa `i5-1135G7` timawerenga manambala awiri oyamba, 11. Choncho `i7-4600U`, purosesa ya mu 2013 yokhala ndi mitima iwiri yogwirira ntchito, imasiyidwa kutali ndi `i5-8350U` ya mu 2017 imene ili ndi mitima inayi, ngakhale kuti dzina la i7 limamveka lapamwamba. EliteBook 840 nayonso ili ndi mibadwo yake: 840 G3 imakhala ndi purosesa ya m'badwo 6, pomwe 840 G5 nthawi zambiri imakhala ndi ya m'badwo 8, ngakhale zina zili ndi ya m'badwo 7. Wotsatsa akangolemba kuti EliteBook 840 Core i5, sananenebe kuti ndi iti.

Malire amenewa ali ndi chifukwa chake. Kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zotetezera zanthawi zonse za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo pa mapurosesa a Intel, kupatula ochepa chabe, Windows 11 imafuna purosesa ya m'badwo 8 kapena kuposerapo. Amisiri ali ndi njira zokakamizira Windows 11 kulowa m'makina akale, moti mukhoza kuipeza ikuyenda pa 840 G3. Imayenda ndithu, koma Microsoft silonjeza kuti makina oterowo azilandira zonse zatsopano. Mtsikana wathu uja akufuna laputopu yoti imuperekeze zaka zinayi za sukulu, choncho ngati thumba likulola, m'badwo 8 ukhale poyambira. Ngati thumba silikulola, ya m'badwo 6 kapena 7 imalembabe ntchito za m'kalasi bwinobwino, koma mtengo wake utsike moonekeratu. Tinene kuti iwo apeza `i5-8350U`, ndipo nambala ya makina ikugwirizana. Apitirire.

Tsopano Windows itseguke, ndipo tchaja ichotsedwe pa laputopu. Isabwererenso mpaka kuyesa konse kutatha. Aone peresenti ya batire ndi nthawi, azilembe penapake. M'dziko limene magetsi a ESCOM amatha kuzima maola angapo, ndiponso ophunzira amalimbirana masoketi m'kalasi ndi ku laibulale, batire ndi theka la phindu la laputopu. Vuto n'lakuti chizindikiro cha 100% chimasocheretsa. Batire lili ngati ndowa imene imachepa chaka ndi chaka: ikadzaza imaonekadi yodzaza, koma madzi ake ndi theka la amene inkanyamula ili yatsopano. Kuti adziwe kukula kumene kwatsala, adinize batani la Windows, alembe `cmd`, atsegule kawindo kakuda kamene katulukeko, kenako alembe izi n'kudiniza `Enter`:

```
powercfg /batteryreport
```

Kompyuta iwauza pamene yasunga failo yotchedwa `battery-report.html`, nthawi zambiri mu foda ya wogwiritsa ntchitoyo. Akaitsegula, ayang'ane mizere iwiri yokha. `DESIGN CAPACITY` ndi moto umene batirelo linkanyamula lili latsopano, ndipo `FULL CHARGE CAPACITY` ndi umene likunyamula lero likadzaza. Batire la 840 G5 limabadwa ndi pafupifupi 50,000 mWh. Tinene kuti mzere wachiwiri ukuonetsa 27,500 mWh. Akagawa 27,500 ndi 50,000 apeza 55 pa 100 aliwonse. Ngati laputopuyo ikudya pafupifupi mawati 10 pamene munthu akulemba, ali pa intaneti ndipo sikirini ikuwala bwino, ndiye kuti ikhala maola awiri ndi mphindi 45, osati asanu aja. Kuona kwanga, batire la 80 pa 100 kapena kuposa ndi labwino pa makina a kaunjika. Pakati pa 60 ndi 80 n'lopiririka, koma pansi pa 60 muwerengeretu ndalama ya batire lina.

Nambala imeneyi nayo ili ndi malire ake. Mabatire otchipa olowa m'malo mwa enieni nthawi zina amanena manambala okoma amene si oona, ndipo batire lotopa likhoza kuonetsa 40% kenako laputopu n'kungozima mwadzidzidzi. N'chifukwa chake tinachotsa tchaja poyamba paja. Ngati patatha theka la ola batire latsika kuchoka pa 100 kufika pa 60, yankho lapezeka, kaya failo ija ikunena chiyani. Aonenso ngati malo osisitapo chala aja atukuka, kapena ngati chivundikiro cha kunsi chakankhika moti laputopu ikugwedera ikaikidwa pa tebulo losalala. Chimenecho ndi chizindikiro cha batire lotupa, ndipo lotupa likhoza kuyaka moto. Lichotsedwe laputopu isanapite kunyumba.

Batire lotha si chifukwa chothawira malonda. Ndi chifukwa chonenerera mtengo, popeza batire limagulidwa n'kusinthidwa pomasula timasikuluwu tochepa. Apa amalume aja akhoza kuimbira shopu ina kufunsa mtengo wa batire la 840 G5, kenako n'kunena kuti, "Achimwene, mwaona nokha nambala iyi. Chotsanipo ya batire, kapena muike lina ife tili pompano." Maganizo amenewa ndi amene ayenera kutsogolera kuyesa konse: vuto lililonse limene lapezeka, adzifunse ngati lili pa chinthu chosinthika mosavuta, monga batire, disiki, tchaja, kiyibodi ndi memore, kapena lili pa bolodi ndi pa maloko, pamene ndalama zochepa sizingathandize.

Disiki ndi imene imasunga ntchito zonse za mwini wake, ndipo ikafa imapita nazo. Adinize `Ctrl`, `Shift` ndi `Esc` nthawi imodzi kuti atsegule `Task Manager`, kenako apite pa `Performance`. Pansi pa `Disk` palembedwa `SSD` kapena `HDD`. HDD ndi disiki yakale ija yokhala ndi mbale yozungulira m'kati, yochedwa ndiponso yosachedwa kuonongeka laputopu ikagwa kapena ikagwedezeka m'minibasi. SSD ilibe chozungulira, ndipo imatsegula Windows m'masekondi ochepa. Pomwepo aonenso `Memory`: 8 GB ndi poyambira masiku ano, 4 GB imachititsa makina kukwawa. Mzere wa `Slots used` ukaonetsa `1 of 2`, ndiye kuti pali malo oonjezerapo memore m'tsogolo. Malaputopu ena opyapyala memore yawo inawotchereredwa pa bolodi, moti imene mwagula nayo ndi yomweyo mpaka kalekale.

Kuti adziwe thanzi la disikiyo, pali pulogalamu yaulere yotchedwa CrystalDiskInfo, imene munthu akhoza kuikopera pa fulashi ali kunyumba n'kuitsegula popanda kuilowetsa m'makina a wogulitsa. Imaonetsa mawu amodzi pa `Health Status`. `Good` ndi bwino. `Caution`, ya mtundu wachikasu, imatanthauza kuti disiki yayamba kupeza malo oonongeka kapena yatsala pang'ono kutha mphamvu, ndipo ine sindingasungepo ntchito ya mayeso ngakhale sabata imodzi. Palinso `Power On Hours`, maola onse amene disikiyo yakhala ikuyaka. Chaka chili ndi maola 8,760, ndipo ntchito ya mu ofesi ya maola asanu ndi atatu pa tsiku imakwana pafupifupi maola 2,000 pa chaka. Ndiye ngati wogulitsa akuti laputopu inangogwira miyezi yochepa koma disiki ikuti maola 9,000, mwadziwa kuti mawu ake ena onse muziwayesa kawiri. Maola ochepa kwambiri nawonso sasonyeza kuti laputopu ndi yatsopano, amangosonyeza kuti disiki inasinthidwa, zimene makampani ambiri amachita pofuna kuteteza zinsinsi zawo.

Pali loko wina amene saoneka msanga, ndipo amapweteka kuposa batire lakufa. Makampani ambiri amalembetsa malaputopu awo ku Microsoft kudzera mu dongosolo lotchedwa Autopilot, limene limazindikira makinawo paokha osati disiki. Kampani ikagulitsa laputopu osaichotsa m'kaundula wake, imagwira ntchito bwinobwino mpaka tsiku limene mwini watsopano adzaikemo Windows mwatsopano. Ikangolumikizidwa pa intaneti poyambitsa, imaonetsa dzina la kampani ija n'kufuna imelo ndi pasiwedi ya wogwira ntchito kumeneko. Kusintha disiki sikuthandiza, ndipo amene angaimasule mwalamulo ndi kampani imene inailembetsa. Poyamba ayang'ane mu `Settings`, pa `Accounts`, kenako `Access work or school`, ngati pali dzina la bungwe lililonse. Koma pamenepo pakhoza kukhala poyera loko alipo. Njira yotsimikiza ndi kupempha wogulitsa kuti achite `Reset this PC`, ndipo ikamayambanso ailumikize pa intaneti ya pa foni n'kuona ngati ikulola munthu wamba kulowa. Zimatenga nthawi, choncho zichitike pomaliza kuyesa zina zonse, kapena pa risiti palembedwe kuti loko woteroyo akadzatuluka ndalama zibwezedwa. Wogula MacBook achitenso chimodzimodzi: mwini wakale atuluke mu akaunti yake ya Apple ndi kuzimitsa `Find My` iye akuona, apo ayi makinawo akhoza kudzakhomeka osatsegukanso.

Zotsala ndi zoyesa ndi maso, makutu ndi zala, ndipo zichitike batire likutsika. Atsegule tsamba loyera lodzaza sikirini yonse, kenako lakuda. Pa loyera pamaoneka madontho akuda ndi zigamba zotuwa zobwera chifukwa chopanikizidwa m'chikwama, pa lakuda pamaoneka timadontho towala tosazima. Atsegule `Notepad` n'kudiniza batani lililonse, limodzilimodzi, osadumpha manambala ndi timivi. Mabatani angapo oyandikana akakana, kapena akamamata, mwina munathirikira tiyi kapena madzi, ndipo madzi akafika pa bolodi amadya pang'onopang'ono kwa miyezi. Aonetsetsenso kuti zilembo za pamwamba zikuyamba ndi QWERTY. Za ku Germany zimayamba ndi QWERTZ, za ku France ndi AZERTY, ndipo ena amazibisa ndi timasitika timene timamatuka pakapita nthawi. Fulashi ilowe pa bowo lililonse la USB, mahedifoni ayesedwe, kamera itsegulidwe, mawu ajambulidwe n'kumvetseredwa.

Mahinji ndiwapatse mpata wawo, chifukwa ambiri sawaganizira. Atsegule ndi kutseka chivundikiro pang'onopang'ono kangapo, maso ali pa ngodya ziwiri zimene sikirini imalumikizana ndi thupi. Ngati pulasitiki ikuyasamula pamenepo, kapena pakumveka kuthetheka, ndiye kuti timasikuluwu ta hinji tazuka m'malo mwake, ndipo kutsegula kulikonse kukung'amba powonjezera. Ngati chithunzi chikuphethira kapena kusintha mtundu pamene chivundikiro chikuyenda, waya wa sikirini wodutsa mu hinjimo watsala pang'ono kuduka. Kukonza zimenezi mokhalitsa kumafuna kusintha chikombole chonse, ndipo guluu amene ena amathirapo sapirira nthawi yaitali.

Kutentha nako kumafuna kudikira. Atsegule kanema wa pa YouTube, masamba ena angapo ndi mapulogalamu awiri atatu, zonse ziyende kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Fani iyenera kumveka ikuzungulira mosalala, ndipo dzanja likaikidwa potulukira mpweya limve mpweya wofunda ukutuluka. Fani yolira kwambiri koma mpweya osatuluka ndi chizindikiro cha fumbi lotseka njira, ndipo mmisiri akhoza kulichotsa pa mtengo wochepa. Fani yokhulula ngati ikukhudza chinachake ndi yofunika kusintha. Koma laputopu imene yazima yokha, yauma osayankha, kapena yaonetsa sikirini yabuluu ya uthenga wa vuto pa nthawi yochepa ngati imeneyi, aisiye, ngakhale wogulitsa atanena kuti ndi Windows chabe.

Pomaliza abwezere tchaja. Aone ngati ikutchaja, ndipo agwedeze pang'ono pulagi yake polowera kuti aone ngati moto ukudukaduka. Awerenge mawati olembedwa pa tchajayo: malaputopu a mtundu uwu amafuna 45 W kapena 65 W. Tchaja yeniyeni imalemerera m'manja, yachinyengo imapepuka ndipo imatentha msanga. Ma Dell ali ndi khalidwe lawolawo: akapanda kuizindikira tchaja amachenjeza poyaka, amakana kutchaja batire ndipo amachepetsa liwiro la purosesa, ndipo mu BIOS pa `AC Adapter` pamalembedwa `Unknown`. Wogula kwa munthu wochokera ku Joni aonenso pulagi ya kukhoma, chifukwa ya kumeneko ya mano obulungira silowa m'masoketi athu a mano atatu aphwatalala.

Mtsikana uja ndi amalume ake apeza purosesa ya m'badwo 8, BIOS yotseguka, SSD yathanzi, mahinji olimba, batire la 55 pa 100 ndi bowo limodzi la USB logwedera. Imeneyo ndi laputopu yoti agule, atachotsa mtengo wa batire. Asanatumize ndalama pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki, risiti ilembedwe. Pakhale tsiku, mtundu wa laputopu, nambala ya makina ija, mtengo, dzina ndi foni ya wogulitsa, komanso masiku amene walola kuti aibweze ikavuta, pamodzi ndi zimene lonjezolo likukhudza, chifukwa ambiri amadzanena pambuyo pake kuti batire ndi sikirini sizinali m'pangano. Ngati akugula kwa munthu wamba osati m'shopu, aone chiphaso chake cha unzika ndipo afunse kumene anaitenga laputopuyo. Malaputopu amabedwa m'mahositelo ndi m'maofesi, ndipo kulandira katundu wobedwa ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Dzina limene lituluke pa foni potumiza ndalama lifanane ndi la pa chiphasocho, ndipo uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita ausunge pamodzi ndi risitiyo.